Kachilombo Kodziwa Nthawi Yoyatsa Chigayo

Kumapeto kwa chaka cha 1940, mzinda wa Paris uli m'manja mwa asilikali a Germany, wophunzira wina wa zaka 30 pa yunivesite ya Sorbonne ankaweta mabakiteriya m'mabotolo agalasi. Dzina lake linali Jacques Monod. Ntchito yake inali yofuna kudekha. Ankathira madzi, timichere pang'ono ndi shuga m'botolo, n'kuikamo tizilombo, kenako n'kumayeza kuvundukira kwa madziwo nthawi ndi nthawi. Madzi akamachita mbuu, ndiye kuti tizilombo tikuchuluka. Manambala ake ankawalemba papepala n'kujambula mzere wosonyeza kakulidwe kake.

Akaika shuga wa mtundu umodzi, mzerewo unkakwera bwinobwino mpaka shugayo atatha. Koma akasakaniza mitundu ina iwiri, pankachitika zachilendo. Mzere unkakwera, n'kuima pakati ngati kuti chakudya chatha, kenako n'kuyambanso kukwera. Tizilomboto tinkaleka kuswana kwa kanthawi pamene shuga anali adakalimo m'botolo.

Monod anasinthasintha miyezo kuti aone chikuchitika. Akachulutsa shuga woyamba, chitunda choyamba cha mzere chinkatalika. Akachulutsa wachiwiri, chinkatalika ndi chitunda chachiwiri. Apa zinaonekeratu kuti tizilomboto sitinkadya shuga yense pamodzi. Tinkayamba tamaliza mtundu umodzi, n'kupuma, kenako n'kuyamba winayo. Anapita ndi pepala lake kwa André Lwoff wa ku Institut Pasteur, yemwe anamuuza kuti mwina tizilomboto timafuna nthawi yokonza zida zogayira shuga wachiwiriyo. Kufufuza chimene chimachitika m'kanthawi kopumako kunatenga zaka zoposa 20, ndipo yankho lake ndi limene lero limatchedwa operoni ya laki.

Ufa wogaya kale ndi chimanga chosagaya

Mwini nkhani ndi bakiteriya wotchedwa Escherichia coli, kapena E. coli mwachidule, yemwe dokotala wa ana Theodor Escherich anamufotokoza mu 1885. Amakhala m'matumbo mwa anthu ndi nyama, ndipo mitundu yake yambiri siyambitsa matenda. Ndi wamng'ono kwambiri moti mabakiteriya 500 atandandalikidwa m'litali angakwane milimita imodzi yokha. Chakudya chikakhala cha mwanaalirenji, amagawika pakati mphindi 20 zilizonse.

Kwa iye, shuga wotchedwa gulukozi ali ngati ufa wogaya kale. Akangolowa, amapita pamoto nthawi yomweyo. Lakitozi, yemwe ndi shuga wa mu mkaka, ali ngati chimanga chosagaya. Ndi mitundu iwiri ya shuga yolumikizana, gulukozi ndi galakitozi, ndipo bakiteriya sangapindule naye asanamudule pakati. Komanso lakitozi sangathe kuboola yekha khungu la bakiteriya, pamafunika chomulowetsa.

Choncho pamafunika zida ziwiri, ndipo zonse ndi mapuloteni. Choyamba ndi pamiyezi, yomwe imakhala pakhungu la bakiteriya n'kumalowetsa lakitozi. Chachiwiri ndi beta-galakitosidezi, chigayo chenichenicho, chomwe chimadula lakitozi pawiri. Chigayochi si chaching'ono. Puloteni iliyonse imalukidwa ngati mkanda, kuchokera ku tizidutswa totchedwa amino asidi. Chingwe chimodzi cha beta-galakitosidezi chili ndi tizidutswa toposa 1,000, ndipo pamafunika zingwe zinayi zogwirana kuti chigayo chimodzi chigwire ntchito. Bakiteriya amene akudya lakitozi amakhala ndi zigayo zoterezi masauzande angapo.

Mtengo wake ukuonekera pomwepo. Lakitozi sapezeka tsiku ndi tsiku m'moyo wa E. coli. Bakiteriya amene angamamange zigayo masauzande popanda choti agaye akutaya zomangira ndi mphamvu zimene anzake akugwiritsa ntchito poswana. Angatsalire pang'ono chabe pa kugawika kulikonse, koma m'dziko limene mibadwo makumi angapo imadutsa pa tsiku limodzi, kutsalira pang'onoko kumathetsa mtundu. N'chifukwa chake pamene lakitozi palibe, bakiteriya amasunga zigayo zowerengeka ndi zala, ndipo lakitozi akafika amazichulutsa pafupifupi ka 1,000.

Mpiringidzo pa njira ya mlembi

Malangizo omangira puloteni iliyonse amalembedwa mu DNA, ulusi wautali wa zilembo za mitundu inayi. Chigawo cha ulusiwu chimene chili ndi malangizo a puloteni imodzi chimatchedwa jini, zambiri majini. Mawuwa ndi obwereka, ndipo sakukhudzana ndi majini a mizimu aja. E. coli ali ndi zilembo pafupifupi 4.6 miliyoni ndi majini oposa 4,000.

Majini atatu a lakitozi anandandalikana pamalo amodzi. Loyamba, lacZ, ndi la chigayo. Lachiwiri, lacY, ndi la pamiyezi. Lachitatu, lacA, limapanga puloteni imene bakiteriya amatha kudya lakitozi ngakhale itasowa, choncho tingalisiye pambali. Kukhala pamodziku kuli ndi phindu lake: onse atatu amawerengedwa ulendo umodzi, amatsegulidwa pamodzi ndi kutsekedwa pamodzi. Gulu lotere la majini okhala ndi chotsegulira chimodzi ndi limene Monod ndi anzake analitcha operoni.

DNA siipita yokha kukamanga puloteni. Pali puloteni ina, polimarezi ya RNA, imene imagwira ntchito ya mlembi. Imatera pamalo oyambira otchedwa pulomota, n'kuyenda motsata ulusi uku ikukopera zilembozo n'kupanga kalata ya RNA. Kalatayi ndi imene imawerengedwa ndi timakina tomanga mapuloteni. Mlembi akapanda kuyenda, kalata siituluka, ndipo chigayo sichimangidwa.

Pamenepa ndi pamene pali chinsinsi choyamba. Pafupi penipeni ndi poyambira mlembi pali kachigawo ka zilembo pafupifupi 20 kotchedwa opareta. Chakumbuyo pang'ono pali jini lina lodziimira palokha, lacI, lomwe limapanga puloteni yotchedwa ripuresa. M'Chichewa tingaitche chotchinga. Maonekedwe a chotchingachi amalowana ndendende ndi zilembo za opareta, monga kiyi ndi loko wake. Chikakhala pamenepo chimakhala ngati mpiringidzo pachitseko, ndipo mlembi sangayambe kukopera.

Zotchingazi n'zochepa modabwitsa, pafupifupi 10 m'bakiteriya mmodzi, koma zimapeza kachigawo kawo pakati pa zilembo mamiliyoni. Chotchinga chilichonse chili ndi manja awiri. Dzanja limodzi limagwira opareta wamkulu, linalo limagwira mmodzi mwa maopareta awiri othandizira, wina zilembo pafupifupi 400 kutsogolo mkati mwa lacZ, wina zilembo pafupifupi 90 kumbuyo. Ulusi wa DNA umapindika n'kupanga goba. Dzanja limodzi likataya, linalo limakhala lidakagwira, choncho chotchinga sichipita kutali ndipo chimabwerera msanga pamalo pake.

Kiyi amachokera m'chigayo momwemo

Nanga lakitozi akafika, mpiringidzo umachoka bwanji? Yankho loyembekezeka n'lakuti lakitozi amakankha chotchinga. Koma si lakitozi weniweniyo amene amatero. Chigayo chikamagwira ntchito, nthawi zina m'malo mongolekanitsa gulukozi ndi galakitozi chimawalumikizanso pamfundo ina. Chotulukacho ndi m'bale wake wa lakitozi wotchedwa alolakitozi. Ameneyu ndiye amalowa m'kabowo ka m'thupi la chotchinga. Akalowa, chotchinga chimasintha maonekedwe pang'ono, manja ake salowananso bwino ndi opareta, ndipo chimataya. Mlembi amapeza njira yoyera.

Woganiza mofatsa aona vuto apa. Kuti alolakitozi apangike pamafunika chigayo. Kuti lakitozi alowe pamafunika pamiyezi. Koma majini a zonse ziwirizi ndi omwe ali otsekedwawo. Zili ngati kutsekera kiyi m'nyumba yomwe ukufuna kutsegula.

Chimene chimapulumutsa bakiteriya n'chakuti chitseko chake sichitsekeka kotheratu. Chotchinga sichinakhomeredwe ndi msomali pa DNA. Mwa apo ndi apo chimataya, mlembi n'kudutsa kamodzi chisanabwerere. Kalata imodziyo imakwana kupanga zigayo ndi mapamiyezi owerengeka. Motero ngakhale bakiteriya amene makolo ake sanaonepo mkaka kwa mibadwo yambiri amakhala ndi zida zochepa zolawira. Kudontha kumeneku kukanatsekedwa, bakiteriya akanafa ndi njala ali pakati pa lakitozi.

Zikangoyamba zimadzikoleza zokha. Mapamiyezi ochepa aja amalowetsa lakitozi pang'ono, zigayo zochepa zija zimapanga alolakitozi pang'ono, chotchinga chimataya kwa nthawi yotalikirapo, mapamiyezi atsopano amamangidwa, ndipo lakitozi wambiri amalowa. Mu 1957 Aaron Novick ndi Milton Weiner anaona chotsatira cha zimenezi. Atapereka mankhwala otsegulira operoni pa mlingo wochepa, mabakiteriya sanatsegule theka aliyense. Ena anatsegula kwathunthu, ena anakhalabe otseka, m'botolo limodzi lomwelo. Amene anapeza mwayi wa mapamiyezi okwanira poyamba ndi amene moto wawo unakolera.

Ukwati wa mabakiteriya umene unaulula chotchinga

Zonsezi sizinaoneke ndi maso. Palibe amene anali ataonapo chotchinga pamene chinkatchulidwa koyamba. Chinadziwika kudzera mwa mabakiteriya olumala.

Nkhondo itatha, Monod, yemwe anali m'gulu lomenyera ufulu mobisa, anasamukira ku Institut Pasteur, m'zipinda za pansi pa denga zimene Lwoff ankayang'anira. Mu 1950 kunabwera François Jacob. Iyeyu ankafuna kukhala dokotala wa maopaleshoni, koma mabala amene anavulala ku Normandy mu 1944 anamulepheretsa. Jacob, pamodzi ndi Élie Wollman, anaphunzira bwino mmene mabakiteriya amapatsirana majini. Bakiteriya wina, amene ankamutcha wamwamuna, amalumikizana ndi wina, wamkazi, n'kumulowetsera ulusi wa DNA pang'onopang'ono, jini ndi jini.

Monod anali ndi mitundu iwiri ya mabakiteriya olumala. Ena anali ndi lacZ yowonongeka, osatha kupanga chigayo. Ena anali ndi lacI yowonongeka, ndipo ankapanga chigayo usana ndi usiku, lakitozi alipo kapena palibe. Maganizo a nthawiyo anali akuti a mtundu wachiwiriwa amadzipangira okha chinthu chotsegulira mkati mwawo.

Mu 1957 ndi 1958, Arthur Pardee wochokera ku California anagwira ntchito ndi awiriwa pa kuyesa kumene kunadzatchuka ndi dzina la PaJaMo, lochokera ku zilembo zoyamba za mayina awo. Anatenga bakiteriya wamkazi wolumala mbali zonse ziwiri, wopanda lacZ yabwino komanso wopanda lacI yabwino. Anamukwatitsa ndi wamwamuna wa majini onse abwino, m'madzi opanda lakitozi kapena chotsegulira china chilichonse. Payekhapayekha, palibe mwa awiriwa amene akanapanga chigayo: wamkazi analibe malangizo, wamwamuna anali wotseka.

Patangopita mphindi zochepa lacZ italowa mwa wamkazi, chigayo chinayamba kupangidwa pa liwiro lonse. Patatha maola pafupifupi awiri, chinaleka. Akathira chotsegulira, chinkapitiriza.

Tanthauzo lake linali lomveka kwa amene analingalira. Jini la chigayo litalowa m'thupi lopanda mlonda, linangoyamba kugwira ntchito popanda woliuza. Jini la lacI, lomwe linalowa nalo limodzi, linafuna nthawi kuti lipange chinthu chokwanira, ndipo chinthucho chitachuluka chinatseka. Ndiye kuti lakitozi saphunzitsa bakiteriya kupanga chigayo, monga ambiri ankaganizira. Malangizo alipo kale, okonzeka, ndipo ntchito ya shugayo ndi kuchotsa chowatchinga. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1959, ndipo mu 1961 Jacob ndi Monod analemba nkhani yofotokoza dongosolo lonse la operoni. Mu 1965 iwo awiri ndi Lwoff analandira mphotho ya Nobel.

Chotchinga chenichenicho chinagwidwa chaka chotsatira. Mu 1966, ku yunivesite ya Harvard, Walter Gilbert ndi Benno Müller-Hill anagwiritsa ntchito IPTG, mankhwala opangidwa ndi anthu amene amamatirira chotchinga monga alolakitozi koma chigayo sichitha kuwadula. Anawaika chizindikiro chotulutsa cheza, n'kusefa madzi a mabakiteriya ophwanyidwa mpaka atapeza gawo limene linkakoka mankhwalawo. Linali puloteni.

Kudziwa pamene pawonongeka

Bakiteriya amene akupanga chigayo mosalekeza angakhale ndi vuto limodzi mwa awiri. Mwina chotchinga chake ndi chowonongeka, kapena opareta wake wasintha chilembo moti chotchinga chabwinobwino sichitha kugwirapo. Kunja zonse zimaoneka chimodzimodzi. Jacob ndi Monod anapeza njira yozisiyanitsira: kumupatsa bakiteriyayo kachingwe kena ka DNA kokhala ndi majini a lakitozi abwino, kuti akhale ndi makope awiri.

Ngati vuto linali chotchinga, bakiteriyayo amachira. Jini labwino la lacI limapanga zotchinga zimene zimayandama m'thupi lonse n'kukatseka makope onse awiri. Koma ngati vuto linali opareta, sachira. Opareta si chinthu choyenda, ndi malo pa ulusi, ndipo amalamulira majini okhawo amene alumikizana naye. Opareta wabwino wa pa kachingwe katsopano amatseka majini ake okha, pamene majini a kuseri kwa opareta wowonongeka akupitiriza kugwira ntchito.

Palinso chilema chachitatu, chosiyana ndi ziwirizi. Chotchinga chimatha kuwonongeka kabowo kolowera alolakitozi, manja ake ali abwinobwino. Choterocho chimagwira opareta osataya ngakhale lakitozi achuluke bwanji. Bakiteriya wake samera pa lakitozi, ndipo kumupatsa lacI yabwino sikuthandiza, chifukwa chotchinga chabwino chikataya, chosamvacho chimakhalapo m'malo mwake.

Funso lachiwiri: kodi ufa ulipo?

Chotchinga chimayankha funso limodzi, loti kodi lakitozi alipo. Koma m'botolo la gulukozi ndi lakitozi, lakitozi amakhalamo kuyambira pachiyambi, ndipo bakiteriya samukhudza mpaka gulukozi atatha. Ndiye kuti pali funso lachiwiri limene likuyankhidwa kwinakwake.

Likuyankhidwa pachipata cholowera gulukozi. Gulukozi aliyense akamalowa amapachikidwa kachidutswa kotchedwa fosifeti. Kachidutswaka kamabwera modutsa m'manja mwa mapuloteni angapo opatsirana, ndipo imodzi mwa iwo imatchedwa EIIA. Gulukozi akamalowa wambiri, EIIA imapereka fosifeti wake msangamsanga, choncho nthawi zambiri imakhala chimanjamanja. Gulukozi akatha, imasowa womupatsa, n'kukhala itanyamula fosifetiyo. Motero maonekedwe a puloteni imodziyi amanena zoona za chakudya chimene chili kunja.

EIIA ikakhala chimanjamanja imakamatirira pamiyezi n'kuiletsa kulowetsa lakitozi. Lakitozi akapanda kulowa, alolakitozi sapangika, ndipo chotchinga chimakhalabe pamalo pake. Chimanga chili pakhomo, koma khomo ndi lotseka.

EIIA ikakhala ndi fosifeti imasiya pamiyezi, ndipo imadzutsa puloteni ina imene imapanga kanthu kakang'ono kotchedwa cAMP, komwe kali ngati mfuu ya njala mkati mwa bakiteriya. Kufunika kwa cAMP n'kwakuti pulomota wa operoni ya laki ndi wofooka. Ngakhale mpiringidzo utachoka, mlembi satera pamenepo kawirikawiri popanda womuthandiza. Womuthandizayo ndi puloteni yotchedwa CAP. Ikagwirana ndi cAMP imakhala pa DNA zilembo pafupifupi 60 kumbuyo kwa poyambira, imapinda ulusiwo ngati chigongono, n'kugwira mlembi kuti akhazikike. Zikatero makalata amatuluka motsatizana. Ira Pastan ndi Robert Perlman ku America, komanso Agnes Ullmann ndi Monod ku Paris, anasonyeza mu 1968 kuti cAMP imachotsa kupondereza kwa gulukozi, ndipo puloteni ya CAP inapezeka mu 1970.

Mabuku ambiri a kusukulu amaphunzitsa kuti cAMP ndiye chifukwa chachikulu chimene bakiteriya amayambira gulukozi. Mu 1996 gulu la Hiroji Aiba ku yunivesite ya Nagoya ku Japan linayeza bwinobwino n'kupeza kuti mlingo wa cAMP pamene bakiteriya akudya gulukozi susiyana kwenikweni ndi wa pamene akudya lakitozi. Umakwera kwambiri m'kanthawi kopuma kaja, kenako n'kutsikanso. Anapezanso kuti chotchinga chikachotsedwa, kupuma kuja kumatha. Choncho CAP ndi cAMP n'zofunikadi kuti operoni igwire ntchito mwamphamvu, koma pa gulukozi ndi lakitozi, chimene chimasunga majiniwo ali otseka makamaka ndi khomo lotsekedwa lija.

Kubwerera ku botolo

Tsopano mzere wa Monod ungawerengedwe kuyambira poyamba mpaka pothera. Titenge botolo la E. coli mmene muli gulukozi ndi lakitozi wofanana.

M'chitunda choyamba, gulukozi akulowa mothamanga. EIIA ili chimanjamanja ndipo yagwira mapamiyezi ochepa amene alipo. Lakitozi watsala kunja, chotchinga chili pa opareta, ndipo woyeza chigayo amapeza chochepa kwambiri. M'madzi a timichere ndi shuga basi, mabakiteriya amawirikiza pafupifupi ola lililonse.

Kenako gulukozi amatha, ndipo amathera onse nthawi imodzi chifukwa pofika apa pakamwa pachuluka. Kuswana kumaima. Kunja zimaoneka ngati palibe chikuchitika, koma mkati ndi pamene ntchito yakula. EIIA yanyamula fosifeti ndipo yamasula mapamiyezi. Mlingo wa cAMP wakwera, CAP yakhala pamalo pake. Lakitozi woyamba walowa, zigayo zochepa zija zapanga alolakitozi, chotchinga chataya. Kuchokera pamene chotchinga chataya, zigayo zatsopano zimayamba kuoneka m'mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, chifukwa timakina tomanga mapuloteni timayamba kuwerenga kalata mlembi asanamalize n'komwe kuilemba. Koma kuti zigayo ndi mapamiyezi zifike masauzande okwanira kudyetsa thupi lonse pamatenga mphindi makumi angapo, pakuti bakiteriya akumanga zonsezi ali ndi njala. Kanthawi kameneka ndi kamene Monod anakaona ngati mzere wogona.

Chitunda chachiwiri chimayamba zida zikakwana. Lakitozi amadulidwa, ndipo gulukozi ndi galakitozi otulukamo amapita pamoto.

Lakitozi akatha, kutseka kumachitika mwachangu. Chigayo chomwecho chimene chinapanga alolakitozi chimathanso kumudula, choncho wotsala amagayidwa. Chotchinga chimabwerera ku maonekedwe ake akale n'kukagwira opareta. Makalata amene analembedwa kale sakhalitsa, amaphwanyidwa m'mphindi zochepa. Zigayo zomangidwa kale siziphwasulidwa mwadala. Mabakiteriyawo akasamutsidwira ku chakudya china n'kuyambanso kugawika, ana awiri amagawana zigayo za kholo lawo, aliyense theka. Adzukulu amatsala ndi gawo limodzi mwa anayi. Pofika m'badwo wa 10 zatsika pafupifupi ka 1,000, kubwerera pa zowerengeka ndi zala zija.

Palibe paliponse m'ndondomekoyi pamene bakiteriya akuganiza. Chilichonse ndi tinthu togwirana kapena kutayana malinga ndi maonekedwe ake. Komabe zotsatira zake n'zofanana ndi za munthu wanzeru zosamala chuma: majini amatseguka kwathunthu pokhapokha lakitozi alipo ndipo gulukozi palibe.

Pa mbale ya kuchipatala ndi m'madzi a pachitsime

Amene amagwira ntchito m'malabotale a zipatala zathu amaona operoniyi ikugwira ntchito, ngakhale saitchula dzina tsiku ndi tsiku. Pofufuza tizilombo ta m'chimbudzi, mkodzo kapena magazi a wodwala, amapaka pa mbale ya chakudya cholimba chotchedwa dzina la Alfred MacConkey, amene anachikonza cha m'ma 1900. M'chakudyachi muli lakitozi ndi utoto umene umafiira ukakumana ndi asidi. Mbaleyo imagona usiku umodzi pa kutentha kwa thupi la munthu. M'mawa, E. coli amakhala atatsegula majini ake, wadya lakitozi ndi kutulutsa asidi, ndipo timilu take timaoneka tofiirira. Salmonella, mtundu umene muli tizilombo ta taifodi, alibe majini amenewa, choncho timilu take timakhala totuwa. Mtundu wa kamulu sumaliza nkhani, pamafunika kuyeza kwina kotsimikizira, koma umauza woyezayo kamulu koti atole.

Oyeza madzi a m'zitsime ndi m'mijigo amadaliranso chigayo chomwechi. Njira imodzi yofala ndi kutunga madzi okwana mamililita 100 n'kuthiramo ufa wokhala ndi chakudya cha tizilombo pamodzi ndi mankhwala otchedwa ONPG. Mankhwalawa alibe mtundu, koma mbali yake imodzi ndi galakitozi, choncho beta-galakitosidezi imawadula monga imadulira lakitozi, ndipo chidutswa chotsalacho ndi chachikasu. Botolo likasungidwa pofunda tsiku limodzi n'kusanduka lachikasu, ndiye kuti m'madzimo muli mabakiteriya a gulu la E. coli ndi abale ake, chenjezo lakuti chitsimecho chikulowa zonyansa.

M'malabotale opanga mapuloteni a mankhwala ndi a kafukufuku, chotchinga ndi opareta zinasanduka chida cha tsiku ndi tsiku. Jini la puloteni yofunikayo limaikidwa kuseri kwa opareta wa laki, mkati mwa E. coli. Mabakiteriya amaloledwa kuswana kaye jinilo lili lotseka, kuti asalemedwe ndi katundu asanachuluke. Madzi akachita mbuu pa mlingo woyenera, wogwira ntchito amathira IPTG pang'ono. Popeza chigayo sichitha kuwadula mankhwalawa, chotchinga sichibwereranso pa opareta. Patatha maola atatu kapena anayi amazimitsa makina ogwedeza botolo, n'kupungula mabakiteriya odzaza ndi puloteni imene makolo awo sanapangepo.